Nambala 3 yake iti? Zoti muuze wometa kuti fedi ituluke mmene mukufunira

Lachinayi lina madzulo mu Okutobala, kukutentha moti ngakhale mphepo yotsika m'phiri inali itasiya kuwomba, mnyamata wina analowa m'shopu yanga ku Matawale atavala chipewa chaubweya. Ndinadziwa asanalankhule kuti pali chimene chalakwika, chifukwa mwezi umenewo palibe amene amavala chipewa chotero mwakufuna kwake. Anali wophunzira wa ku yunivesite, wokhala ku Chikanda, ndipo Loweruka lake anali mmodzi wa operekeza pa ukwati wa mlongo wake. Atavula chipewa ndinaona mutu wometedwa bwinobwino, mizere yowongoka, popanda pozukuta paliponse. Koma tsitsi lapamwamba linali lalifupi moti khungu linkaonekera, ndipo m'mbali munali moyera mpaka pamwamba pa litsipa.

"Achimwene, ine ndinangoti nambala 3, fedi," anatero. "Kwathu ndikanena choncho tsitsi limatsala lakuda, lokwanira kupesa. Taonani zimene andichita."

Ndinamufunsa ngati anaona kachipeso kamene anaika kumashini. Anati anakaona, ndipo panalembedwadi 3. Pamenepo nkhani yonse ndinaimvetsa. Wometa uja sananame ndipo sanalakwitse dzanja. Anamva 3, anatenga kachipeso kolembedwa 3, anameta. Kungoti 3 wa pa kachipeso kake sanali 3 amene mnyamatayo ankatanthauza.

Tiyambe ndi kachipesoko. Mashini ometera ali ndi mano achitsulo awiri, ena okhazikika, ena oyenda uku ndi uku, ndipo tsitsi limadukira pakati pawo. Mukawasiya okha amadula pafupi kwambiri ndi khungu. Kachipeso kapulasitiki kamene timavekera kutsogolo, kamene ena mwa ife timati gadi, ntchito yake ndi imodzi basi: kutalikitsa manowo ndi khungu. Nambala yolembedwa pamenepo imanena utali wa tsitsi limene litsale pamutu. Sinena kuchuluka kwa tsitsi limene ligwe pansi, ndipo sinena mtundu wa kametedwe. Ndimatsindika zimenezi chifukwa ndaona akuluakulu ena akuganiza kuti nambala yaikulu imadula kwambiri. N'zosiyana: nambala ikamakula tsitsi limatsala lalitali.

Manambala amene anthu ambiri anazolowera anachokera ku mashini a ku America, monga a Wahl, ndipo amawerengedwa mu inchi. Inchi imodzi ndi mamilimita 25 ndi pang'ono, ndipo anaigawa m'magawo 8. Nambala 1 ndi gawo limodzi mwa magawo 8 amenewo, ndiye kuti mamilimita 3. Nambala 2 ndi magawo awiri, mamilimita 6. Nambala 3 ndi pafupifupi mamilimita 10, nambala 4 ndi 13, ndipo mukapitiriza choncho mukafika pa nambala 8, imene ndi inchi yathunthu, mamilimita 25. Simukuyenera kuloweza zonsezi. Ingokumbukirani kuti nambala iliyonse imawonjezera mamilimita atatu ndi pang'ono. Pakati palinso tizipeso tiwiri timene wometa fedi sangachite popanda ito: ka theka, kamene kamasiya milimita imodzi ndi theka, ndi ka 1 ndi theka, kamene kamasiya mamilimita anayi ndi theka.

Mamilimita pakamwa savuta kunena koma m'maso savuta kusokoneza, choncho ine ndimauza makasitomala anga ndi zinthu za m'nyumba. Nambala 1 imaposa pang'ono kunenepa kwa mtengo wa machesi. Nambala 2 ili ngati utali wa njere ya mpunga. Nambala 3 ili ngati njere ya chimanga. Nambala 8 ili ngati kuchoka kunsonga ya chala chachikulu kufika pamfundo yoyamba. Munthu akaona njere ya chimanga m'maganizo mwake, amadziwa msanga ngati ndi zimene akufuna kapena ayi.

Tsopano vuto la mnyamata uja. Mashini ambiri amene ali m'mashopu athu masiku ano, makamaka aja otchaja amene timawakonda chifukwa magetsi akathima ntchito siima, amabwera ndi tizipeso tolembedwa mamilimita mwachindunji. M'bokosi mumapeza tinayi, tolembedwa 3, 6, 9 ndi 12, mwina ndi ka `mm` kakang'ono pambali kamene kamafufutika pakapita miyezi. Pa tizipeso totere, 3 ndi mamilimita 3, imene ndi nambala 1 m'mawerengedwe aja oyamba. Mnyamatayo ankafuna mamilimita 10, anapatsidwa 3. Tsitsi limene linatsala linali pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a limene ankayembekeza, pomwe onse awiri ananena nambala yofanana.

Palinso mashini ena, monga a Oster amene amachita kusintha mano onse achitsulo m'malo moveka kachipeso, omwe manambala ake amayenda m'njira yawoyawo. Amenewa si ambiri kuno, koma akuonetsa mfundo yomweyo, yakuti nambala payokha si muyeso. Muyeso ndi mamilimita. Tizipeso tabwino timalembedwa zonse pamodzi, mwachitsanzo `#3`, `3/8"` ndi `10 mm`, ndipo mukaona zitatuzi palibe chokayikitsa. Mukaona nambala imodzi yokha, funsani. Palibe wometa wanzeru amene angakwiye mutati, "Achimwene, 3 ameneyo ndi mamilimita kapena ndi nambala?" Ine ndimakondwera ndikafunsidwa choncho, chifukwa ndimadziwa kuti sitikangana pagalasi.

Njira yachidule yodziwira ngakhale zolemba zitafufutika ndi kuyang'ana kachipesoko cham'mbali. Onani kutalika kwa mano apulasitiki kuchoka pamene pakhale chitsulo kufika pamene pagunde mutu. Ngati mpatawo ndi wa mtengo wa machesi, mutuluka ndi tsitsi lalifupi kwambiri kaya panalembedwa chiyani.

Pali chinthu chachiwiri chimene chimasintha utali, ndipo makasitomala ambiri sachiona n'komwe ngakhale chimachitika pafupi ndi khutu lawo. M'mbali mwa mashini muli kachitsulo kamene wometa amakankha ndi chala chachikulu, timati liva. Liva ikakhala yotseka, mano oyenda amafika kufupi ndi nsonga ndipo mashini amadula mofupikitsa. Ikatsegulidwa, manowo amabwerera m'mbuyo ndipo tsitsi limatsala lotalikirapo, pafupifupi theka la nambala. Ndiye kuti nambala 1 yotsegula imayandikira 1 ndi theka, ndipo mashini opanda kachipeso koma otsegula amayandikira ka theka kaja. Kusiyana kwake ndi milimita imodzi kapena kupitirira pang'ono, koma pamutu wa munthu wa tsitsi lakuda milimita imodzi imaoneka patali. Fedi yonse imapangidwa ndi timasiyano tating'ono totere. Mukamva wometa akukankha kachitsuloko kangapo pamalo amodzi, musaganize kuti mashini akuvuta. Akusakaniza mitundu.

Chinthu chachitatu ndi chathu ife a tsitsi lopotana, ndipo ndi pamene zithunzi za pafoni zimasokoneza anthu. Tsitsi lowongoka limaimirira kulowa m'kachipeso, limadulidwa, ndipo muyeso umatuluka monga walembedwera. Tsitsi lathu limapindika n'kugona pakhungu. Kachipeso kakhoza kudutsa pamwamba pake osalinyamula. N'chifukwa chake wometa wodziwa ntchito amayamba ndi kupesa, kulitukula lonse, ndipo amapesanso pakati pa ntchito. Munthu akabwera ndi tsitsi lothinana, la mafuta ambiri kapena lonyowa, nambala 2 imadya pena n'kusiya pena, ndipo tsiku lotsatira mukasamba mumapeza tizitunda. Ngati mukufuna kumetedwa bwino, sambani kumutu, umitsani, pesani, musadzole mafuta, ndiye mubwere.

Ndiponso pali mbali imene mashini akuyendera. Tsitsi limamera lolunjika kwinakwake: pamwamba nthawi zambiri limaloza kumphumi kuchokera paliwombo, m'mbali ndi kunkhongo limaloza pansi. Mashini akayenda motsatira mmene tsitsi lagonera, amasiya lalitali ndipo mutu umaoneka wakuda ndi wosalala. Akayenda molimbana nalo, amalinyamula n'kulidula lonse pamuyeso wa kachipeso, ndipo limaoneka lalifupi. Kachipeso kamodzi komweko kamatulutsa mitu iwiri yosiyana. Nambala 1 yotsatira tsitsi imatha kuoneka yakuda ndithu, pomwe nambala 1 yolimbana ndi tsitsi imaonetsa khungu. Anyamata amene amasunga mafunde m'tsitsi, aja amapesa ndi bulashi m'mawa ndi madzulo, amadziwa zimenezi bwino: amapempha 1 ndi theka kapena 2, motsatira tsitsi, chifukwa kumeta kamodzi molimbana nalo kumafafaniza ntchito ya miyezi. Inunso, ngakhale mulibe mafunde, mawu akuti "motsatira" kapena "molimbana" ndi mbali ya muyeso wanu.

Tafika pa fedi yeniyeniyo. Mawuwa amangotanthauza kuti tsitsi likuchoka pa lalifupi pansi kupita pa lalitali pamwamba mwapang'onopang'ono, popanda mzere woonetsa pamene kachipeso kena kathera ndi pamene kena kayambira. Likamachoka koyera kupita kwakuda liyenera kuoneka ngati mmene nkhungu imathera pa phiri la Zomba m'mawa wa mu Juni, osadziwa kuti yalekezera pati. Koma mawu akuti fedi okha sakwanira kuuza wometa chochita, monga mmene mawu akuti suti sakwanira kwa telala. Pamafunika zinthu zitatu: utali wa pamwamba, utali wa pansi penipeni, ndi msinkhu umene kuyerako kufike. Mnyamata wa ku Chikanda ananena chimodzi chokha, ndipo chimodzicho chinamveka molakwika. Ziwiri zinazo wometa anasankha yekha, ndipo anasankha zimene anyamata ambiri amapempha pamalo pake.

Za pamwamba takambirana kale. Za pansi ndi izi. Fedi ikhoza kuyambira pakhungu penipeni, pometedwa ndi kamashini kakang'ono ka mizere kapena ndi lezala, imene timati sikini fedi. Ikhoza kuyambira pa ziro, kutanthauza mashini opanda kachipeso, amene amasiya kachiputu kosakwana milimita imodzi, kooneka ngati mthunzi. Ikhozanso kuyambira pa theka kapena pa nambala 1, ndipo pamenepo khungu silionekera kwenikweni. Anthu ambiri amasokoneza ziro ndi mpala. Ziro mukasisita ndi dzanja imakanda, mpala wa lezala umaterera. Ngati mumagwira ntchito pamalo pamene safuna mutu woyera kwambiri m'mbali, kapena mwana akubwerera kusukulu ya malamulo okhwima, nenani kuti pansi payambire pa theka kapena pa 1.

Apa ndiime pang'ono, chifukwa pali za thanzi. Tsitsi lopotana likadulidwa mpaka pakhungu, makamaka ndi lezala, nsonga yake yakuthwa imatha kupindika n'kubaya khungu pomera, ndipo pamatuluka tiziphuphu toyabwa. Malo amene zimachitika kwambiri ndi pakhosi ndi kunkhongo. Kwa ena tiziphuphu ta kunkhongo timauma n'kukhala zipsera zotupa zimene sizichoka msanga, ndipo tsitsi silimeranso pamenepo. Ndikaona munthu ali ndi tiziphuphu kunkhongo, sindimuika lezala ngakhale atapempha. Ndimamuuza kuti tiyambire pa theka, ndipo ngati tatupa kapena tikutuluka mafinya apite kuchipatala akamuone. Inunso muli ndi ufulu woonetsetsa kuti lezala latsegulidwa latsopano inu mukuona, ndiponso kuti mano a mashini apukutidwa tsitsi ndi kuthiridwa sipiliti musanayambe. Zipere zimayenda pa mashini ndi pa tizipeso tomwe, osati pa chitsulo pokha.

Chachitatu, msinkhu, ndiye chimene chimasintha nkhope ya munthu kuposa nambala iliyonse. Fedi yapansi, imene achinyamata amati lo fedi, imayera pamwamba pa khutu pang'ono, mwina chala chimodzi kapena ziwiri, n'kutsika kuzungulira kunkhongo. Yapakati imafika cha palitsipa. Yapamwamba imakwera mpaka pamene mutu umayamba kupindika kupita pamwamba, moti mukayang'ana munthu kutsogolo mumaona m'mbali monse moyera. Palinso tepa, imene imangoyeretsa timalo tiwiri, kutsogolo kwa khutu ndi kumunsi kwa nkhongo, kwina konse n'kusiya kwakuda. Mayina amenewa ndi othandiza, koma ometa awiri akhoza kusiyana pa pamene yapakati imathera. Chimene sichinama ndi chala. Ikani chala chanu pamutu panu, pagalasi, n'kunena kuti, "Kuyera kusapitirire apa." Kenaka tembenukani muloze ndi kumbuyo komwe.

Kumbuyoko n'kofunika chifukwa simukuona, koma aliyense wokhala kumbuyo kwanu mu minibasi ya ku Chinamwali amakuona. Gwirani kunkhongo kwanu ndipo mupeza kafupa kotumphuka. Kwa ena n'kakang'ono, kwa ena n'koonekera, ndipo ena ali ndi makwinya a khungu pansi pake. Fedi ikadutsa mzere wowongoka kuzungulira mutu n'kuyeretsa kafupako, kamaonekera kwambiri. Ikatsitsidwa kumbuyo kuti tsitsi lakuda liphimbe kafupako, mutu umaoneka wozungulira bwino. Kwa ine, anthu ambiri imawakhala ndi yotsika kumbuyoyi, ndipo munthu akapanda kunena kalikonse ndi imene ndimamupangira. Ngati muli ndi chipsera m'mbali, kapena dazi layamba paliwombo, nenani musanayambe. Pa dazi loyamba, kufupikitsa pamwamba ndi kukweza fedi nthawi zambiri kumabisa bwino kuposa kusiya tsitsi lalitali, chifukwa lalitali limachititsa pochepa paja kuonekera kwambiri.

Ndikufotokozereni mmene ndimametera fedi yapansi yokhala ndi nambala 2 pamwamba, kuti mukakhala pampando muzidziwa zimene zikuchitika ndi nthawi imene mungathe kulankhula. Ndimayamba ndi kupesa, kenaka ndimameta mutu wonse ndi nambala 2. Iyi ndiyo mphindi yanu yoyamba. Wometa akangodutsa kamodzi, pemphani aime muone. Ndipo ngati mukukayika pakati pa manambala awiri, yambani ndi yaikulu, chifukwa kuchoka pa 3 kupita pa 2 ndi mphindi ziwiri, koma kuchoka pa 2 kupita pa 3 ndi sabata yathunthu ndi masiku. Pemphaninso kuti kudutsa koyambako kukhale m'mbali, pamene pafupikitsidwe kale, osati pakati pa mutu.

Ndikatha pamwamba ndimatenga kamashini ka mizere n'kujambula mzere woyamba kuzungulira mutu, pamwamba pa khutu pang'ono, wotsika kunkhongo, ndipo zonse za pansi pa mzerewo ndimayeretsa. Iyi ndi mphindi yanu yachiwiri, ndipo ndi yomaliza pa nkhani ya msinkhu. Mzere umenewu ukangojambulidwa sungatsikenso. Dziwaninso kuti kuyera sikuthera pamzerepo ayi: kusakaniza kumafuna malo, zala ziwiri kapena zitatu pamwamba pake. Choncho mzere woyamba uyenera kukhala pansi ndithu pa malo amene munaloza ndi chala. Mukaona wometa akujambula mzere pamalo penipeni pamene munaloza, muuzeni mwaulemu kuti pamenepo ndi pamene mukufuna kuda kuyambire, osati pamene khungu lithere.

Kuchoka pamzerewo ndimakwera ndi mashini opanda kachipeso, liva yotsegula, kutalika kwa chala chimodzi. Kenaka nambala 1 yotsegula, chala china. Apa mutu umaoneka moipa, uli ndi mizere ngati masitepe, ndipo makasitomala atsopano amayamba kutekeseka. Musade nkhawa, masitepewo ndi dala. Ntchito yeniyeni ndi kuwafafaniza. Mzere wapansi ndimauchotsa ndi mashini opanda kachipeso, kuyamba ndi liva yotseka n'kumaitsegula pang'onopang'ono pokwera. Mzere wapakati, wa pakati pa mashini otsegula ndi nambala 1, umachoka ndi kachipeso ka theka. Wapamwamba, wa pakati pa 1 ndi 2, umachoka ndi ka 1 ndi theka. Dzanja silikankha molunjika ayi, limakokera kunja ngati mukutunga ufa ndi chikho, kuti nsonga ya mashini isasiye mzere wina watsopano. Pamene patsala kadontho kakuda ndimagwiritsa ngodya ya mano yokha.

Mwaona kuti pa mutu wonsewu kusintha kwa mtundu kwachitika pakati pa ziro ndi mamilimita 6 okha. Pa tsitsi lathu, pofika 1 ndi theka kapena 2 mutu umakhala utada kale. N'chifukwa chake tizipeso tiwiri ta theka tija tili tofunika chotere, ndipo n'chifukwa chake shopu imene ili ndi 3, 6, 9 ndi 12 yokha imavutika kutulutsa fedi yosalala. Wometa waluso amatha kuziyendetsa ndi liva ndi chipeso cha m'manja, koma zimatenga nthawi. Vuto limabwera akathamanga: mzere ukakana kuchoka, amaukankhira m'mwamba, ukakananso amakwezanso, ndipo fedi imene munagwirizana kuti ikhale yapansi imathera palitsipa. Mukaona kuyera kukukwera pang'onopang'ono kupitirira pamene munaloza, chifukwa chake nthawi zambiri chimakhala chimenechi. Lankhulani pomwepo. Kamzere kosaoneka bwino kamabisika pakatha masiku atatu, koma fedi yokwera imafuna masabata.

Pomaliza pamabwera mzere wa pamphumi ndi m'mbali. Apa pempho langa ndi limodzi: uzani wometa atsatire pamene tsitsi lanu limayambira mwachibadwa. Kuti mzere uoneke wakuthwa kwambiri, ena amaulowetsa m'kati mamilimita awiri kapena atatu. Tsiku loyamba zimakongola. Pakatha masiku anayi kapena asanu tsitsi lometedwalo limaphukanso ndipo pamphumi pamaoneka mizere iwiri, wakale ndi watsopano. Ulendo wotsatira wometa wina amatsatira wam'katiwo n'kulowetsanso, ndipo pakatha chaka mumadabwa kuti mphumi yakula bwanji.

Musanachoke pampando pemphani kagalasi ka m'manja muone kumbuyo, ndipo ngati n'kotheka imani pakhomo pamene pali kuwala kwa dzuwa, chifukwa babu la m'shopu limabisa zambiri. Yang'anani ngati mbali ziwiri zafika msinkhu umodzi, poyerekeza ndi nsonga za makutu. Tsinzinani pang'ono maso: mzere umene watsala umaonekera bwino mukatero kusiyana ndi mutayang'anitsitsa. Yendetsani dzanja pamwamba mobwerera m'mbuyo kuti mumve ngati pali tizitunda. Ngati pali chokonza, nenani nsalu idakali pakhosi.

Tibwerere kwa mnyamata wa ukwati. Ndinamuuza zoona, kuti tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, ndiye kuti mamilimita awiri kapena atatu pasabata. Kuchoka pa 3 kufika pa 10 amene ankafuna panafunika pafupifupi masabata atatu, ndipo iye anali ndi masiku awiri. Palibe mafuta kapena mankhwala amene akanasintha zimenezo. Chimene chinali m'manja mwathu ndi maonekedwe. Ndinamuuza asandilole kukhudza pamwamba ngakhale pang'ono. Ndinangofewetsa pamene kuyera kumakumana ndi kuda, pogwiritsa kachipeso ka theka ndi ngodya ya mano, kuti diso lisamakodwe pamalirewo. Ndevu zake ndinazisiya zakuda n'kuzilumikiza ndi fediyo kutsogolo kwa khutu, kuti nkhope isaoneke yopanda kanthu. Ndinamuuza azipesa ndi bulashi yofewa kulowera kumphumi m'mawa ndi madzulo, ndi kudzola mafuta pang'ono, popeza tsitsi logona mbali imodzi limaphimba khungu bwino kuposa loimirira. Mzere wa pamphumi tinagwirizana kuti adzabwere Loweruka m'mamawa ndidzangoupukuta.

Masamu omwewa ndi amene ayenera kukuuzani tsiku lometa. Sikini fedi imakhala yakuthwa masiku anayi kapena asanu, ndipo pakatha sabata pansi paja pamakhala pafika pafupifupi nambala 1. Pakatha masabata awiri kusiyana kwa pansi ndi pamwamba kumakhala kwachepa kwambiri ngati pamwamba panali 2. Fedi yoyambira pa 1 siwala kwambiri tsiku loyamba, koma imakula mwaudongo ndipo simuthamangira kwa wometa sabata iliyonse, zimene ndi nkhani ya m'thumba kwa ambiri a ife. Ngati muli ndi mwambo, metani kutatsala tsiku limodzi kapena awiri, kwa wometa amene amaudziwa mutu wanu. Ngati mukuyesa wometa watsopano kapena kametedwe katsopano, yesani kutatsala masabata atatu.

Za zithunzi, bwerani nazo, zimathandiza, koma sankhani cha munthu wa tsitsi longa lanu, ndipo chikhale choonetsa m'mbali, osati kutsogolo kokha. Chithunzi chabwino koposa ndi cha mutu wanu womwe. Tsiku limene mwametedwa mokukhutiritsani, pemphani wina akujambuleni m'mbali ndi kumbuyo, ndipo funsani wometa tizipeso timene wagwiritsa, mulembe mufoni pamodzi ndi mamilimita ake.

Patatha mwezi mnyamata uja anabweranso, wopanda chipewa. Anakhala pampando n'kunena kuti, "Achimwene, pamwamba nambala 3, ya mamilimita 10, motsatira tsitsi. Pansi muyambire pa theka, lezala ayi. Kuyera kusapitirire apa," n'kuika chala pamwamba pa khutu, "ndipo kumbuyo mutsitse. Pamphumi musalowetse." Ndinatenga kachipeso, ndinamuonetsa pamene palembedwa `10 mm`, anagwedeza mutu, ndipo ndinayamba cha kumbali ya kumanja.